Magemu odzaza m'makina si ako

Kwa inu amene mwakhala mukunditumizira mauthenga oti ndikupezereni PS4 yakaunjika kuno ku Joni, imvani mmene ndinagulira yanga, chifukwa poyamba ndinatsala pang'ono kuponya ndalama m'madzi.

Munthu woyamba amene ndinakumana naye ankafuna R3,000. Ankati mtengo wakwera chifukwa m'kati muli magemu 15. Nditamufunsa kuti madisiki ali kuti, anayankha kuti safunika. Gemu yogulidwa pa intaneti imakhala ya akaunti ya amene anaigula, osati ya makinawo. Iwe umasewera pokhapokha akaunti yakeyo ikadali yolembetsedwa pa makinawo. Tsiku limene mwiniwake adzaichotse n'kuisamutsira pa makina ena, pa gemu iliyonse padzaoneka kachizindikiro ka loko, ndipo ukatero ulibe kokadandaula. Ndinamutsanzika.

Imene ndinagula ndi PS4 Slim ya 500GB, mtundu umene unatuluka mu 2016. Pansi pake nambala imayamba ndi CUH-2. Ndinalipira R2,300 pamodzi ndi padi imodzi, koma ndisanatulutse ndalama ndinakhala pa nyumba ya wogulitsayo pafupifupi theka la ola. Ndinapita ndi disiki yobwereka kwa mnzanga, n'kuona ngati makina akuimeza ndi kuilavula bwino. Ndinaisiya gemu ikuyenda mphindi 20 uku ndikumvetsera fani. Ikamalira ngati chigayo ndiye kuti m'kati mwadzaza fumbi ndipo makina akutentha. Padi ndinaiika pansi osaigwira. Munthu wa mu gemu akayamba kuyenda yekha, timitengo ta padiyo tatha. Zonse zitayenda bwino tinafufuta za mwiniwake pa Settings > Initialization > Initialize PS4.

Magemu ndimagula a disiki okhaokha, chifukwa ukatopa nayo umagulitsa kapena kusinthana ndi mnzako. Otchipitsitsa ndi a mpira. FIFA inkatuluka yatsopano chaka chilichonse, choncho zakale zimangotayidwa. FIFA 19 ndinaipeza pa R80, ndipo anyamata a pa yadi pathu sadandaula kuti osewera ena anasamuka matimu kalekale. Uncharted 4 ya 2016 ndi God of War ya 2018 anazigula anthu ambirimbiri, n'chifukwa chake sizisowa, ndipo umasewera mpaka kumapeto wopanda intaneti. Kumudziko kumene bandulo imapweteka m'thumba, zimenezo ndiye zofunika. Disiki ina imatchipa chifukwa kukoma kwake kuli posewera ndi anthu pa intaneti, zomwe zimafuna kulipiranso PlayStation Plus. Call of Duty: Black Ops 4 ndi yotero, ilibe nkhani yotsatira uli wekha.

Madisiki a PS4 sasankha dziko, wogula kuno amagwira ntchito pa makina a ku Lilongwe. Chosiyana ndi pulagi basi. Ya kuno ili ndi mano ozungulira, ya kwathu ndi ya mano amakona. Magetsi ndi ofanana, ndiye Slim ikafika mungosintha chingwe, chija cha mabowo awiri chonga cha wailesi.