Mbande zopendekera ku zenera: kutembenuza, nyali kapena kutulutsa panja?

Mwezi wa Juni chaka chatha ndinafesa tomato m'mabeseni atatu akale, ndipo poopa nkhuku za anzathu oyandikana nawo komanso kuzizira kwa usiku, ndinawaika m'nyumba pa tebulo lomwe lili pafupi ndi zenera. Mbewu zinamera pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, koma patangopita masiku ena asanu mbande zinali zitafika masentimita 7 zilibe tsamba lenileni ndi limodzi lomwe, kupatula timasamba tiwiri toyambirira tija. Tsinde lake linali lowonda ngati ulusi wosokera, lotumbuluka, ndipo zonse zinali zitaweramira ku galasi. Mbande ya tomato ya msinkhu umenewo imayenera kukhala pafupifupi theka la kutalika kumeneko, ya tsinde lokhuthala ndi lobiriwira bwino. Popeza mabeseni anali atatu, ndinayesa njira zosiyana pa beseni lililonse, ndipo zimene ndinaona ndizo ndikufuna kuyerekeza pano.

Mmera ukangotuluka m'nthaka umadalira chakudya chomwe chinali mu njere, ndipo ukapeza kuwala kochepa umathera chakudyacho pa kutalikitsa tsinde, monga mmene ukanachitira ukanakhala kuti ukadali pansi pa dothi kapena pansi pa mthunzi wa zomera zina. Kupendekera kumabwera chifukwa chakuti timadzi tokulitsa mmera, totchedwa okisini, timachuluka kumbali ya tsinde yomwe ili mumthunzi, choncho mbali imeneyo imatalika msanga kuposa inzake n'kukhotetsa mmera kulowera kumene kuwala kukuchokera. Maso athu amatinamiza pa nkhaniyi chifukwa amazolowera mdima mosavuta. Pa muyeso wa kuwala wotchedwa malakisi, dzuwa la masana panja limafika pafupifupi 100,000, ndipo ngakhale tsiku la mitambo limatha kupereka masauzande angapo, pamene chipinda chimene ife timachiona ngati chowala bwino chimakhala ndi mahandiredi ochepa chabe. M'nyumba mumafundanso kuposa panja, ndipo kufunda kukakumana ndi kuwala kochepa ndiye kuti mbande zimatalika mofulumira kwambiri.

Njira imene aliyense amayamba kuiganizira ndi kutembenuza beseni tsiku ndi tsiku, ndipo ndi imene ndinachita ndi beseni loyamba. Siifuna ndalama, ndipo m'mawa mwake mbande zimaonekadi zawongoka. Koma kuwala komwe zikulandira sikunawonjezeke ngakhale pang'ono. Mbande imawongoka potalikitsa mbali ina ya tsinde, ndiye mapeto ake mumakhala ndi mmera wowongoka koma wautali ndi wofooka monga kale. Ndinawonjezera chikatoni chomatidwa pepala loyera kumbuyo kwa beseni kuti chizibweza kuwala kochokera ku zenera, ndipo ichi chinathandiza kuposa kutembenuza, chifukwa mbande za kumbuyo zinasiya kuwerama kwambiri. Ngakhale zinali choncho, chikatoni chimangobweza kuwala komwe kulipo kale, ndipo pa zenera langa kunali kochepa.

Kuchepako kunali ndi chifukwa chake chomwe ndinachizindikira mochedwa. Zomba, kumene ndimakhala, ili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa ikweta, choncho m'miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limayenda chakumpoto, ndipo zenera loyang'ana kumwera, monga langa, silikhudzidwa ndi dzuwa tsiku lonse. Kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala chakumwera pang'ono, koma limakhala pamwamba kwambiri moti denga lotulukira kunja limalitchinga lisanalowe pa zenera lililonse. Amene amakhala m'munsi mwa phiri akudziwanso kuti madzulo dzuwa limabisala msanga, ndipo chiperoni chikabwera timatha masiku angapo tili mu nkhungu. Ngati palibiretu kuchitira mwina koma kulera mbande pa zenera, m'nyengo yozizira sankhani loyang'ana kumpoto kapena kum'mawa, chotsani katani, pukutani galasi, ndipo beseni likhale pa zenera penipeni, chifukwa kungolisuntha mita imodzi kulowa m'chipinda kumachotsa gawo lalikulu la kuwala.

Beseni lachiwiri ndinaliika pansi pa nyali ya magetsi. Ndinagwiritsa ntchito machubu awiri aatali omwe pa katoni pake palembedwa LED ndi 6500K, kutanthauza kuwala koyera ngati kwa masana, ndipo chubu chilichonse chinali cha mawati 18. Chinthu chimene anthu ambiri amalakwitsa ndi kudalira babu la kudenga. Kuwala kumachepa mofulumira kwambiri nyali ikatalikira, moti pa babu wamba mukachulukitsa mtunda kawiri mumatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo babu lomwe lili mamita awiri pamwamba silisintha kanthu kwa mbande. Machubu anga ndinawamangirira ndi waya kuti alendewere masentimita 5 mpaka 10 pamwamba pa masamba, ndipo ndinkawakweza mbande zikamakula. Ndinkayatsa maola 14 patsiku ndi kuzimitsa usiku, popeza tomato safuna kuwala kosalekeza. Muyeso wa kutentha ndi dzanja: mukaliika pomwe pali masamba n'kumva kuwotcha, nyali yayandikira kwambiri. Babu lakale la waya woyaka mkati siliyenera ntchitoyi, chifukwa limatulutsa kutentha kochuluka ndipo mtundu wa kuwala kwake umalimbikitsa tsinde kutalika.

Kuwerengera kwake ndi kotere: machubu awiri a mawati 18 ndi mawati 36, ndipo akayaka maola 14 amadya pafupifupi theka la yunitsi patsiku, zomwe ndi mayunitsi 14 pa masabata anayi. Zotsatira zake zinali zabwino ndithu. Tsinde lomwe linatalika kale silinafupike, ndipo palibe njira iliyonse imene ingalifupikitse, koma masamba atsopano anatuluka mothinana ndi obiriwira kwambiri, ndipo patatha sabata mbande zinkaima zokha. Vuto lake ndi lakuti magetsi akazima kwa maola ambiri mbande zimabwerera mumdima, komanso machubu awiri amangowalitsa kamzere kopapatiza, kokwanira mabeseni awiri kapena atatu. Kwa munthu wofuna mbande zodzaza dimba, ndalama yake siigwirizana ndi phindu. Ndimaiona kukhala yoyenera kwa amene akukhala pa nyumba ya lendi yopanda bwalo, kapena pa masiku a chiperoni chokhalitsa.

Beseni lachitatu ndinalitulutsa panja, ndipo ili ndi lomwe linapambana, ngakhale kuti ndi lomwenso ndinatsala pang'ono kuliwononga. Tsiku loyamba ndinalisiya pa dzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo pobwera ndinapeza timasamba tambiri tayera m'mphepete ngati tapsa ndi madzi otentha, mbande zina zitagona pansi. Masamba okulira m'nyumba amakhala ndi khungu lopyapyala, ndipo dzuwa ndi mphepo zimawaumitsa mizu isanathe kubwezeretsa madzi. Zotsalazo ndinazizoloweza pang'onopang'ono: masiku awiri oyamba zinakhala pakhonde pomwe pamafika dzuwa la m'mawa kwa ola limodzi kapena awiri, kenaka ndinkawonjezera ola limodzi tsiku lililonse, mpaka pofika tsiku lakhumi zinkatha kukhala pa dzuwa tsiku lonse. Ndinazimangira kathandala ka nsungwi kotalika mita imodzi kuti nkhuku zisafike, ndi kadenga ka udzu woyala mopyapyala, kamene ndinkakachepetsa masiku atatu alionse. Mukayang'ana pansi pa denga lotere muyenera kuona timadontho ta dzuwa pa masamba; mukaona mthunzi wokhawokha ndiye kuti udzu wachuluka ndipo mbande zitalikanso ngati zili m'nyumba. Usiku wozizira kwambiri ndinkalowetsa beseni, zomwe sizisokoneza kanthu chifukwa usiku mmera sufuna kuwala.

Panja mbande zimapezanso chinthu chimene nyali singapereke, ndicho mphepo. Tsinde likamagwedezeka limakula mokhuthala m'malo motalika, ndipo ndi chifukwa chake olera mbande m'nyumba amalangizidwa kuzisisita pamwamba ndi dzanja kangapo patsiku. Pofika sabata yachisanu mbande za panja zinali zazifupi kuposa za m'mabeseni enawo, koma tsinde lake linali litayandikira kukula kwa pensulo, lili ndi masamba enieni anayi kapena asanu.

Pa mabeseni onse atatu ndinayenera kupatulira, ndipo popanda zimenezi ngakhale dzuwa silikanathandiza. Ndinali nditafesa mothithikana kwambiri, ndipo mbande zothinana zimazindikira mthunzi wa zinzake n'kuyamba kupikisana kutalika ngakhale kuwala kuli kokwanira. Ndinasiya mpata wa masentimita 4 kapena 5 pakati pa mbande, podula zofooka ndi lumo m'malo mozula, kuti mizu ya zotsala isagwedezeke. Ndinachepetsanso madzi, kuthirira pokhapokha pamwamba pa dothi pakauma, ndipo sindinathire feteleza. Ambiri akaona mbande zowonda amaganiza kuti ndi njala n'kuthira yureya, koma feteleza wotere pa kuwala kochepa amangowonjezera kutalika ndi kufewa kwa tsinde.

Nanga tsinde lalitali lija limatani? Kwa tomato yankho ndi kulikwirira powokera, chifukwa tsinde lake limatulutsa mizu paliponse pomwe lakhudzana ndi dothi lonyowa. Mbande za beseni loyamba, zomwe zinafika masentimita 20 zili zowonda, ndinazichotsa masamba a m'munsi n'kuzigoneka m'kangalande kakuya masentimita 8, kusiya nsonga yokha ya masamba atatu ili kunja, ndipo patatha masiku ochepa nsongazo zinadzuka zokha. Zinachedwa kuchita maluwa poyerekeza ndi za panja, koma zinabereka. Kabichi ndi repu mutha kuzikwirira mpaka pa timasamba toyambirira, osapitirira pamenepo, pamene letesi saloledwa kukwiriridwa pamtima chifukwa amawola.

Pali mbande zimene ndingalangize kuti musavutike nazo. Ngati tsinde lada ndi kuwonda pamalo pomwe likukhudza dothi, ngati kuti wina walitsina, ndipo mbande zikugwa m'magulumagulu, kumeneko ndi kuwola koyambitsidwa ndi tizilombo ta m'dothi lonyowa kwambiri, ndipo kuwala sikungazidzutse. Chimodzimodzinso repu kapena mpiru wa sabata imodzi womwe wagona kale pansi: umamera m'masiku atatu kapena asanu okha, choncho kufesanso m'dothi latsopano kumafulumira kuposa kuchiritsa wakalewo. Chaka chino ndinafesa tomato pa kathandala kaja kuyambira pachiyambi, nditaphimba dothi ndi udzu wochepa, ndipo udzuwo ndinauchotsa m'mawa womwe ndinaona mmera woyamba ukutukula dothi uli wopindika ngati mbedza.