Kabuku ka "tsiku limodzi m'ndakatulo 12": mmene ndikukaonera tsopano

"Asisi, kabuku ka ndakatulo munagula chaka chatha kaja, ine ndikufuna ndilembe za tsiku la amayi anga ku msika kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ndilipire kapena ndisataye ndalama?"

Funso limeneli landipeza sabata yomweyo imene aphunzitsi ogulitsa kabukuko anditumizira uthenga wofuna ndalama zina, ndiye mundikhululukire ngati mawu ena atuluke otentha.

Ndinalipira K45,000 kumayambiriro kwa Julaye. Pa ndalama imeneyo anandipatsa kabuku kosindikiza ka masamba ochepa, lonjezo loti aziwerenga ndakatulo iliyonse n'kundibwezera ndemanga pa foni, komanso loti pamapeto ndakatulo za ophunzira onse zidzatuluka m'buku limodzi. Kabukuko kamagawa tsiku m'zigawo 12, choyamba chikuyamba 5 koloko m'mawa, chomaliza chikuyamba hafu 9 usiku, chigawo chilichonse ola limodzi ndi theka. Pa masabata awiri alionse umatenga chigawo chimodzi, kutuluka panja pa nthawi imeneyo, kuona zimene zikuchitika, n'kulemba ndakatulo yosapitirira mizere 6.

Zabwino zilipo ndithu. Malire a mizere 6 anandichotsa chizolowezi chomalalikira m'ndakatulo. Lamulo loletsa kuyamba ndi mawu oti "m'mawa" kapena "madzulo", kuti wowerenga adziwe yekha nthawi kuchokera pa zimene waona, ndi labwino kwambiri. Tsamba lonena za kuwerenga maphatikizo ndi zala kuti mizere isasiyane kwambiri kutalika ndimalitsegulabe. Kabukuko anakasoka bwino, kanyowapo mvula koma sikanayoyoke.

Vuto lili pa dongosolo la masabata awiri lija, ndipo silioneka mpaka utafika kumapeto. Ndakatulo 12, imodzi pa masabata awiri alionse, ndiye kuti yoyamba umalemba mu Julaye, yomaliza mu Disembala. Ndakatulo yanga ya 5 koloko m'mawa ndinailemba nditaima pa mpopi wa kwathu kuno ku Kawale, nditafunda chitenje pamwamba pa juzi:

Chisanu chaluma zala.
Zidebe zagona pa mzere,
eni ake akali m'bulangete.

Ya hafu 3 masana inagwera pakati pa Okutobala, ndikuchokera ku Mchesi:

Nyenje zaswa makutu.
Wakabaza wagoneka njinga,
wabisa mutu pansi pa mtengo.

Ndipo ya 8 koloko usiku inafika kumapeto kwa Novembala, mvula itayamba:

Ngumbi zazinga babu.
Ana ndi mbale za madzi,
matope mpaka pakhonde.

Iliyonse payokha aphunzitsi anaiyamikira, inenso ndinkaikonda. Koma nditazindandalika zonse n'kuwerengera azakhali anga mokweza, iwo anandidula ndisanamalize. Anati, "Mwanawe, tsiku lake liti limeneli, loti m'mawa chisanu cha Julaye, masana nyenje, usiku ngumbi?" Iwo sanawerengepo buku la ndakatulo chibadwire, koma khutu lawo linakana. Zimene ndinali nazo m'manja sizinali tsiku limodzi ayi. Inali theka la chaka lovala malaya a tsiku.

Wina anganene kuti ingosinthani mawu awiri atatu, muchotse nyenje, muchotse ngumbi. Ndinayesa. Sizitheka, chifukwa nyengo imalowerera paliponse. Mu ndakatulo ya 8 koloko m'mawa munali fumbi ndi utsi wa zinyalala zotentha, mu ya madzulo munali chimanga chongomera kuseri kwa mpanda. Mango analowa mu imodzi, mbatata yootcha inalowa mu ina. Ukachotsa zonsezo umatsala ndi mizere yoti ingalembedwe kulikonse, tsiku lililonse, ndipo chimene chinaipatsa moyo chimakhala chapita.

Dzuwa nalonso silikhala pamodzi. Kuno ku Lilongwe mu Julaye limatuluka 6 koloko itapitirira pang'ono n'kulowa cha m'ma hafu 5. Kumapeto kwa Novembala limatuluka 5 koloko itangopitirira n'kulowa cha m'ma 6. Ndiye 5 koloko ya mu ndakatulo yanga yoyamba inali ya mdima wa ndiweyani, pamene 5 koloko ya tsiku la ngumbi zija kunali kutayera kale, anthu ali pa msewu. Chiyambi ndi mapeto sizikanakhala pansi pa thambo limodzi.

Apa mpamene ndinazindikiranso china chimene chinandikwiyitsa kuposa choyambacho. Taonani nthawi za m'kabukumo: 5 koloko, kenako hafu 6. Mu Julaye pa 5 kukali mdima, pa hafu 6 dzuwa latuluka kale. Madzulo chimodzimodzi, 5 koloko kenako hafu 6. Pa 5 dzuwa likali m'mwamba, pa hafu 6 mu Novembala kwada. Kwathu kuno chisisira sichichedwa, dzuwa likangolowa pamapita mphindi 20 kapena kuposera pang'ono basi mdima wagwira. Kabuku kophunzitsa kulemba za tsiku kuyambira mbandakucha mpaka usiku kanandidumphitsa kutuluka kwa dzuwa, kanandidumphitsanso kulowa kwake. M'malo mwake kanandipatsa ndakatulo za hafu 9, 11 koloko, hafu 12 ndi 2 koloko, zinayi zotsatizana, zonse zonena kuti anthu ali pa ntchito ndipo dzuwa likuwala. Pofika yachitatu ndinali ndikungosintha dzina la malo.

Tsiku siliyenda mofanana ngati wotchi. Pakati pa tambala woyamba ndi nthawi imene ana asukulu adzaza msewu, zinthu zimasintha mphindi zochepa zilizonse: kuitana kwa ku mzikiti, chitseko choyamba kutseguka, tsache pabwalo, minibasi yoyamba kuliza hutala ikufuna anthu a m'tauni. Pamenepo pamafunika ndakatulo zitatu zoyandikana. Dzuwa likafika paliwombo zinthu zimaima, ndipo imodzi yokha yokwanira bwino imanyamula maola anayi. Wowerenga amamva kutalika kwa masana chifukwa cha mpata umene wausiya, osati chifukwa chomubwerezera.

Mu Januwale ndinayambiranso mwa njira yanga. Ndinasankha Lachiwiri limodzi, tsiku wamba, ndinadzuka kusanache ndi kope laling'ono. Tsiku limenelo sindinalembe ndakatulo ngakhale imodzi. Ndinkangolemba nthawi ndi zimene ndaona kapena kumva, mawu ochepa: madzi atuluka mochedwa, mayi wa chidebe chobiriwira wakangana ndi wogulitsa pa mpopi, mtengo wa tomato ku Lizulu, mtsinje wa Lilongwe wafiira pansi pa mlatho, mitambo yachita bii cha m'ma 2, mvula yagwa pang'ono n'kukata, makondakitala akweza mtengo madzulo, magetsi azima tikudya. Masamba ochepa chabe. Ndakatulo ndazilemba pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira, koma zonse kuchokera m'kope lomwelo, ndipo ndinadziletsa kuikamo chilichonse chimene sichinalembedwe tsiku lija. Zatuluka 9: zitatu za m'mawa, imodzi ya pa ulendo wopita m'tauni, imodzi ya masana, zitatu za madzulo, imodzi ya usiku.

Pano ndiyenera kuwapatsa ulemu wawo aphunzitsi aja, chifukwa chimene chamanga ndakatulo 9 zimenezi ndinachipeza m'kabuku kawo komweko, pa tsamba lakumapeto limene poyamba sindinalisamale. Amati chinthu chimodzi chiziwoloka kuchoka mu ndakatulo ina kulowa mu yotsatira, koma chizipezeka chitasintha. Ine ndinatenga chidebe chobiriwira chija. Mbandakucha chili pa mzere chopanda kanthu. Dzuwa likutuluka chili pamutu, madzi akutayikira pa bulauzi. Masana sichitchulidwa konse. Mvula ikayamba chikupezeka pansi pa malata:

Chobiriwira chija chatchera denga.
Za m'mawa analipira,
izi zabwera zokha.

Usiku chavundikiridwa pakhomo, mwana wakhalapo akudya. Palibe pamene ndalemba kuti "kenako" kapena kutchula ola, koma aliyense amene ndamuwerengera amadziwa pamene dzuwa lili. Masiku amene ndawerenga ndakatulo imeneyi ya denga ndimati K45,000 ija sinapite pachabe.

Kenako ndimakumbukira za ogulitsawo, mtima n'kubwerera pomwe unali. Ndemanga zawo poyamba zinkabwera msanga ndipo zinali zogwira mtima, ankatha kukulozera liwu limodzi lofooka n'kukufunsa chifukwa chimene waliikira. Pofika Okutobala zinasanduka "zili bwino, pitirizani". Nditawafotokozera za nyengo zitatu m'tsiku limodzi, ndi ulemu wonse, anandiyankha kuti mlakatuli ali ndi ufulu wosakaniza nyengo. Ufuluwo ulipo, sindikana, koma ukhale wosankha wekha, osati wogweramo chifukwa cha ndandanda ya munthu wina. Nditawatumizira 9 zatsopanozi anati mgwirizano unali wa ndakatulo 12, kuwerenga kamodzi iliyonse, ndipo zimenezo zinatha. Kuti awerenge zatsopano ndilipire K3,000 iliyonse. Anatinso m'buku la ophunzira muyenera kulowa 12 zoyamba zija chifukwa masamba anawerengera kale.

Buku limenelo analonjeza kuti lituluka Khirisimasi isanafike. Mpaka lero silinaoneke. Uthenga wa sabata ino ukuti mapepala akwera mtengo, aliyense awonjezere K15,000. Kuti mapepala akwera ndikudziwa, ndimagula makope a ana. Koma ndikufunsidwa kulipira kachiwiri kuti andisindikizire ndakatulo zimene ine mwini sindikuzifunanso, pamene zimene ndikuzifuna akuzikana.

Ndiye inu achemwali ofuna kulemba za amayi anu: mupite nawo ku msika tsiku limodzi, kuyambira pamene akukapikula mpaka pamene akuwerenga ndalama usiku, kope lili m'manja. Musankhe chinthu chimodzi chawo choti chiziyenda nanu, kaya ndi lichero, kaya kachikwama ka m'chiuno. Kabukuko ngati angakugulitseni pakokha, pa mtengo wa kabuku, tengani, masamba ndatchula aja ndi othandiza. Ine ndinawafunsa ngati amagulitsa pakokha, anati ayi, n'zonse pamodzi, ndipo chaka chino mtengo wafika K60,000. Pa mtengo umenewo musalipire, mubwere mudzabwereke kanga. Za K15,000 ndawayankha kuti ndidzatumiza tsiku limene adzandionetse masamba oyesera muli ndakatulo zanga 9, ndipo uthengawo auwerenga Lachinayi koma sanayankhe.