Miyezi isanu ndi itatu ndikutumiza mapositi a shopu kuchokera pa sipuredishiti

Kalenda ya mapositi a shopu yanga ya zitenje ili pa Google Sheets, ndipo Lolemba lililonse m'mawa Make, pulogalamu yolumikiza mapulogalamu ena, imatenga mizere ya sabatayo n'kuipereka ku Buffer, yomwe imaitulutsa pa tsamba la Facebook tsiku ndi ola lomwe ndinalemba. Ndikugwiritsabe ntchito njirayi ndipo sindikufuna kuisiya, koma amene akuganiza zoyamba adziwe kuti chovuta si kulumikiza mapulogalamuwa ayi. Chovuta n'chakuti katundu amayenda pomwe positi inalembedwa kale.

Mzere uliwonse ndi positi imodzi: tsiku ndi ola, nambala ya chitenje, mawu, linki ya chithunzi, chilolezo, ndi malo omaliza omwe Make imalembapo kuti zapita. Ku Make kuli masitepe atatu. Search Rows imafufuza mizere ya sabatayo yomwe ili ndi chilolezo ndipo sinapite, sitepe ya Buffer imaika pamndandanda, kenako Update a Row imaika chizindikiro. Sitepe yomalizayi musaidumphe, chifukwa ndi yomwe imaletsa kuti mzere womwewo usatumizidwe kawiri ntchito ikayambiranso. Ndimatumiza mapositi asanu pasabata, ndiye mapulani aulere amandikwanira: Buffer imalola mapositi 10 odikira pa tsamba limodzi, ndipo malire a Make a ntchito 1,000 pamwezi sindiwayandikira n'komwe.

Tsopano za katundu. Tinene kuti Lolemba muli ndi zitenje zinayi za mtundu umodzi, ndipo positi yake ikutuluka Lachisanu. Lachitatu akubwera mayi wina amene akukonza chinkhoswe, akutenga zonse zinayi. Lachisanu positi ikutuluka bwinobwino, anthu akufunsa, wina akukwera minibasi kubwera, chitenje kulibe. Kasitomala ameneyu sadziwa za makina. Amangoona kuti mwamunamiza. Izi zimandipweteka kuposa positi yomwe yalephera kutuluka.

Choncho chilolezo sindilemba ndi dzanja. Ndili ndi tsamba lachiwiri lotchedwa Katundu, momwe muli nambala ya chitenje, mtengo, ndi zotsala. Fomula ndi iyi:

```
=IF(VLOOKUP(B2,Katundu!A:C,3,FALSE)>5,"TUMIZA","IMA")
```

Ngati zotsala zapitirira zisanu, mzerewo upita. Apo ayi, udikira. Mtengo nawo umakokedwa pa tsamba lomwelo n'kulowa m'mawu a positi, kotero ndikasintha mtengo ndimasintha malo amodzi okha. Koma onani malire ake: fomulayi imathandiza pa nthawi yomwe Make ikuwerenga basi, Lolemba m'mawa. Positi ikangofika ku Buffer, kusintha sipuredishiti sikuikhudzanso, muyenera kukaichotsa kapena kuikonza komweko. N'chifukwa chake ndinaika zisanu osati ziro, kuti pakhale mpata wa zogulidwa mkati mwa sabata. Mitundu yomwe imatha msanga ndimaiika Lolemba kapena Lachiwiri, ndipo kumapeto kwa sabata kumapita zomwe sizisintha, monga kachapidwe ka chitenje kuti chisasuluke, kapena chithunzi cha diresi yomwe telala wasoka. Zonsezi zimadalira kuti tsamba la Katundu lidzazidwe madzulo aliwonse potseka. Mtsikana amene amandithandiza amachita zimenezi pa foni, ndipo tsiku lomwe salembapo, fomula imaweruza ndi manambala akale.

Zina ziwiri zoti mukonze poyamba. Masiku alembeni motere, 2025-04-03, chifukwa 03/04 ikhoza kuwerengedwa ngati 3 Epulo kapena 4 Malichi kutengera Locale yomwe ili pa File > Settings. Pomwepo onaninso Time zone, ndipo ifanane ndi ya ku Make ndi ku Buffer. Mapositi akamatuluka maola awiri mochedwa, dziwani kuti penapake pali nthawi ya UTC, yomwe ili maola awiri kumbuyo, m'malo mwa nthawi yathu. Chachiwiri ndi zithunzi: linki yogawana ya Google Drive imatsegula tsamba loonetsera chithunzi, si chithunzi chenichenicho, pomwe sitepe yotumiza imafuna linki yolunjika pa failo. Iyeseni pa foni ina yomwe sinalowe mu akaunti yanu. Ikatsegula chithunzi chokha, ili bwino.

Phindu lomwe sindinaliyembekezere ndi mbiri. Ndinaonjeza malo olembapo anthu angati anafunsa za positi iliyonse, ndipo ndikamapita kukaoda ndimayang'ana pamenepo. Chomwe njirayi sichita ndi WhatsApp Status, komwe makasitomala anga ambiri amaonera katundu. Kumeneko ndimaikabe ndekha, kungoti mawu ndi mtengo ndimakopera pa mzere wa tsikulo.