Ndemanga: tchaja yopanda chingwe ya 15W, nyenyezi zitatu pa zisanu

Kambale kotchajira foni kameneka kamagwira ntchito, koma musakagule poganiza kuti kalowa m'malo mwa chingwe. Ine ndinakagula chifukwa kabowo kotchajira foni yanga kanayamba kugwedera, ndipo pa vuto limenelo kandithandiza. Pa liwiro ndi kutentha mpamene ndachotsapo nyenyezi ziwiri.

Choyamba, onani ngati foni yanu imalola kutchajidwa popanda chingwe. Pabokosi palembedwa Qi, womwe ndi muyezo umene makampani amatsatira. Mafoni ambiri otsika mtengo amene tili nawo kuno alibe chipangizo cholandirira, ndiye mukaika pakambale sipachitika kalikonse.

Mmene kamagwirira ntchito ndi motere. M'kati mwa kambale muli waya wa kopa wokulungidwa mozungulira, ndipo kumsana kwa foni kuli wina wotero. Kambale kamatenga magetsi ochokera ku mutu wa tchaja n'kuwachititsa kupita uku ndi uku m'waya uja maulendo oposa 100,000 pa sekondi. Zimenezi zimapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha, ndipo mphamvuyo ikadutsa pa waya wa m'foni imadzutsamo magetsi. Foni imawawongola magetsiwo kuti aziyenda njira imodzi, kenako n'kulowa m'batire. Ndi nzeru yakale, Michael Faraday anaitulukira mu 1831, ndipo ndi yomwenso thiransifoma ya pa pholo imagwiritsa ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti mu thiransifoma mawaya awiriwo amakulungidwa pa chitsulo chimodzi chomwe chimasunga maginito, pomwe pano pakati pawo pali pulasitiki, galasi, kava ndi mpweya. Maginito ena amaphonya, ndipo kuti foni ilandire zokwanira kambale kamayenera kukankha magetsi ambiri m'waya wake. Waya amatentha. Pamene magetsi akusinthidwa m'kambale ndi m'foni pamatayikanso ena. Zonse zotayikazo zimasanduka kutentha.

Tiyerekeze kuti m'kambale mukulowa mawati 13 ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi likutayika, zomwe si zachilendo kwa matchaja otere. Ku batire kukufika mawati pafupifupi 10, atatu enawo akuotcha kambale ndi msana wa foni, pomwe pali batire. Batire yanga ndi ya 4,500 mAh, mphamvu yofanana ndi mawati 17 oyaka kwa ola limodzi. Pa masamu okha mawati 10 akanaidzaza pasanathe maola awiri. Koma kwa ine zimatenga pafupifupi maola atatu, pomwe chingwe cha 25W chimamaliza pa ola limodzi ndi mphindi zochepa. Ola linalo limapita kuti? Foni ili ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa batire, ndipo ikaona kuti kwakwera imauza kambale kuti kachepetse mphamvu. Choncho kutentha ndi kuchedwa ndi nkhani imodzi. Masana a Okutobala, m'nyumba ya malata, ndaonapo peresenti itaima kwa kanthawi mpaka foni itazizirako. Usiku pakamawomba kamphepo imathamangako.

Chomwe chimanditopetsa kwambiri ndi kaikidwe. Foni ikasuntha pang'ono, mawaya awiri aja sayang'anizana bwino, kanyale kamayakabe ngati zonse zili bwino, koma mupeza foni yotentha ndi peresenti yochepa. Chizindikiro chake n'chomwecho: ikatentha kuposa masiku onse, inyamuleni muiikenso pakati penipeni. Matchaja a Qi2, amene anabwera mu 2023 potengera MagSafe ya Apple, ali ndi maginito okokera foni pamalo pake, ndipo ndikanakhala ndi foni yolola zimenezo ndikanagula yoteroyo.

Za 15W pabokosi musazikhulupirire msanga. M'bokosi munalibe mutu wa tchaja, ndipo nditalumikiza ku mutu wakale wa 5V kambale kanatsikira ku mawati 5. Kamafuna mutu wotha kupereka 9V. Foninso imakhala ndi malire ake: iPhone pa kambale ka Qi wamba imalandira mawati 7.5 okha.

Kava yopyapyala siivuta, yokhuthala imaonjezera kutentha. Ija yokhala ndi kachitsulo kumsana ndiye iyayi, chitsulocho chimatentha ndi maginito, ndipo kambale kakachizindikira kamaphethira nyale n'kuleka kutchaja. Mbali imeneyi ndaiyesa ndi khoini, kanazimadi msanga. Khadi la ku banki musalisiye m'kava.

Magetsi akabwera kwa ola limodzi lokha, kapena mukadalira pawabanki ndi sola yaing'ono, kambale ndi kowononga: mphamvu imene munasunga movutikira mukuitaya pofunditsa tebulo. Pamenepo ndimabwerera ku chingwe ngakhale kabowo kakugwedera. Kambale ndakasiya pambali pa bedi, pomwe foni imagona usiku wonse ndipo maola atatu sandipweteka. Kwa amene ali ndi tchaja imodzi yokha m'nyumba, ndalamayo kuli bwino agulire mutu wabwino ndi chingwe cha USB-C cholimba.