Kulawitsa kwaulere: njira zitatu zomwe ndayesa, ndi imene inandinamiza ndi 62 peresenti

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzi. Wina amagulitsa intaneti m'mahositelo a ku Chikanda, wina akutsegula malo ochitira masewero olimbitsa thupi ku Matawale, wachitatu ali ndi kapulogalamu ka pafoni kolembera ngongole za m'magolosale. Onse akufuna kudziwa kuti alawitse bwanji makasitomala asanayambe kuwalipiritsa pamwezi. Ndayankha pakamwa kokwanira, tsopano ndilembe.

Ine ndimaphunzitsa masamu kwa ana a Fomu 4 kudzera pafoni: timavidiyo tatifupi, mafunso a mayeso akale a MSCE ndi mayankho ake, K5,000 pamwezi. Njira zolawitsira ndayesa zitatu. Yoyamba, mwana amaphunzira ulere masiku 7 osapereka chilichonse, ndipo akafuna kupitiriza, kholo limatumiza lokha ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Yachiwiri, masiku 7 aulere omwewo, koma kholo limayamba lalembetsa khadi la kubanki, ndipo likapanda kuletsa, tsiku la 8 ndalama imadulidwa yokha, kenako mwezi ndi mwezi. Yachitatu si yaulere kwenikweni: sabata yoyamba ndi K500, kenako munthu amasankha yekha.

Njira yoyamba ndinaiyamba mu Okutobala. Analowa ana 200, amene analipira mwezi woyamba anali 40. Ndiye kuti 20 pa 100 alionse. Nambalayi inkandiwawa. Ndinkaona ngati ana 160 andidyera thukuta n'kupukuta pakamwa, ndipo ena ankangosintha nambala ya foni kuti alawenso sabata ina. Ndi mtima umenewo ndinagwera m'manja mwa kampani ina yogulitsa makina otolera malipiro pa intaneti, imene inandilonjeza kuti peresenti ya olipira ichuluka katatu.

Sananame ayi, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse. Mu Febuluwale ndinasamukira ku njira yachiwiri. Analembetsa khadi makolo 100, ambiri ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi ndi a kuyunivesite, poti ndiwo ali ndi makadi. Sabata itatha, tsamba la kampaniyo linandionetsa `Trial conversion 62%` mu zilembo zikuluzikulu zobiriwira, kutanthauza kuti 62 pa olawa 100 alipira. Ndinajambula n'kutumizira mkazi wanga.

Patapita masiku anayi ndinakumana ndi mayi wina wa ku Chinamwali pafupi ndi msika waukulu. Anatula dengu la ndiwo pansi, natulutsa foni yokulungidwa pampango, nandionetsa uthenga wa kubanki. "Aphunzitsi, kodi simunati ndi zaulere? Taonani, K5,000 yapita. Mwanayo anatsegula kawiri kokha, bandulo inatha." Ndinati, "Pepani amayi, pa tsamba paja tinalemba kuti mukapanda kuletsa tidula." Iwo anangondiyang'ana, nati, "Analembetsa ndi mwanayo, ine ndinangomupatsa khadi." Ndalamayo ndinawabwezera tsiku lomwelo. Mawu aja anali olembedwa pa tsambalo, inde, koma timalemba tating'ono ta m'munsi, m'Chingerezi, ndipo ine ndinavomereza kuti tikhale choncho. Mpaka lero ndikawaona mayiwo mtima umandiluma.

Nditabwerera kunyumba ndinatsegula mndandanda wa anthu 62 aja mmodzimmodzi. Ana 25 mwa iwo sanatsegule phunziro lililonse kuyambira tsiku lachitatu la kulawa. Makinawo anawawerenga ngati anthu amene akhutira n'kugula, pamene zoona zake n'zakuti anangoiwala kuletsa. Mu njira yoyamba, kukhala chete kwa kasitomala kumatanthauza kuti wakana. Mu njira yachiwiri, kukhala chete komweko kumawerengedwa ngati wavomera. Nambala ziwirizi zili ndi dzina limodzi, koma sizikuyeza chinthu chimodzi: 20 ija ikuwerenga anthu amene anatenga foni, nalemba ndalama, naika nambala yachinsinsi, 62 ija ikuphatikiza ofunadi ndi oiwala mu dengu limodzi.

Palinso china chimene chimakweza nambalayi osakuuzani. Peresenti imeneyi imapezeka pogawa olipira ndi amene anayamba kulawa, osati ndi onse amene anafika pakhomo. Mukangofunsa khadi, okayikakayika ndi onse opanda khadi amabwerera asanalowe n'komwe, choncho sawerengedwa. Kwa ine olowa anatsika kuchoka pa 200 kufika pa 100. Wogulitsa mtedza akamalawitsa okhawo amene atulutsa kale chikwama, adzanena kuti pafupifupi aliyense wolawa amagula, koma mtedza wake sunakome kuposa dzulo.

Tsopano taonani mmene anthu 62 aja anathera. Okwana 11 anadandaula ndipo ndinawabwezera ndalama, anatsala 51. Tsamba la kampani lija silinasinthe, linakhalabe pa 62, chifukwa linkawerenga tsiku limene ndalama yadulidwa, za kubweza silinkazidziwa. Mwezi wachiwiri analipira 24 okha. Mwa 27 amene anasowa, 16 analetsa okha ataona uthenga wa kubanki, ndipo 11 makina anayesa kudula koma mu akaunti munalibe kanthu. Ena mwa 11 amenewa ana awo ankaphunziradi tsiku ndi tsiku, kungoti tsiku lodula linagwera pakati pa mwezi, malipiro atatha kale, ndipo makinawo atalephera kawiri anangotseka. Mwezi wachitatu, mu Epulo, anatsala 15. Sindinganamizire mayeso, poti ana anali asanalembe. Imeneyo ndiye nyengo imene amawerenga kwambiri.

Gulu la Okutobala lija, limene ndinkalinyoza, linayenda chonchi: 40, kenako 30, kenako 26. Atatu mwa anayi alionse anabwerera mwezi wachiwiri, pamene a makadi anabwerera osakwana theka. Mukaphatikiza miyezi itatu, njira yoyamba inandipatsa malipiro 96, yomwe ndi K480,000. Njira ya 62 peresenti inandipatsa malipiro 90, K450,000, kampani isanadulepo zake. Ndipo polowa mwezi wachinayi ina inali ndi anthu 26, ina 15.

N'chifukwa chiyani sindinaone msanga? Tsambalo linali ndi nambala ina ya `Active subscribers`, yowerenga olembetsa amene alipo pa nthawiyo, imene inkangokhala pamwamba sabata iliyonse. Ndinkalengezabe m'magulu a WhatsApp a makolo, atsopano ankalowa, ndipo ankadzaza malo a otuluka. Zili ngati ndowa yobowoka imene mwaitchera pampopi: madzi akamatsika mumaiona yodzaza, mumadziwa za chibowo pokhapokha mpopi ukatsekedwa. Mpopi wanga unali ndalama za bandulo ndi zotsatsira malonda, ndipo ndinkazithira mwezi uliwonse kugula anthu okhala mwezi umodzi.

Chimene chinandipweteka koposa ndi bilu. Kampaniyo inkadula gawo lake pa malipiro alionse, zimenezo ndinkazidziwa. Chimene sindinawerenge bwino n'chakuti ndikabweza ndalama kwa kasitomala, gawo lawolo silibwerera. Pa anthu 11 aja ndinabweza K5,000 yathunthu aliyense kuchokera m'thumba langa. Pamwamba pa izo ankandilipiritsa K300 pamwezi pa munthu aliyense wa pa `Active subscribers`, ndipo mndandandawo unkaphatikiza amene akulawa ulere ndi amene malipiro awo alephera koma sanatsekeredwe. Nditawaimbira anandiuza mwaulemu kuti zili mu mgwirizano. Zinalimodi, tsamba lachisanu ndi chimodzi. Nambala imene inkanditonthoza mtima ndi yomweyo imene iwo ankadyerapo, ndiye panalibe chifukwa choti andionetse ina. Sindidzabwererakonso, ngakhale atatsitsa mtengo.

Njira yachitatu ndinaiyesa Okutobala wotsatira, dala, kuti nyengo ifanane ndi ya gulu loyamba. Analipira K500 ana 80, amene anapitiriza pa K5,000 anali 36, mwezi wachiwiri 29, wachitatu 25. K500 si ndalama yoti mungalemere nayo. Ntchito yake ndi yakuti kholo limadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti chinthuchi n'cholipira, limakhala litatumizapo kale ndalama ku nambala yanga, ndipo limamufunsa mwana ngati akuwerenga. Osintha nambala kuti alawe kawiri anatheratu. Kuipa kwake ndi kwakuti mwana wa kumudzi, ku Thondwe kapena ku Jali, amene akanalawa ulere n'kukakamiza amalume ake kuti amulipirire, ena otere sindiwaonanso. Zimenezi zimandikhudza, ndipo ndimapatsa aphunzitsi anzanga angapo mwayi wolowetsa ana otere ulere.

Pa ntchito yotolera ndalama, njira ya khadi ndiye yopepuka. Zinazi zimafuna kukumbutsa anthu mwezi uliwonse. Ine ndimatumiza uthenga masiku atatu tsiku lisanakwane, ndipo tsiku lolipira ndinalisunthira kumayambiriro kwa mwezi, anthu atangolandira.

Kaya musankha iti, lekani kuwerenga makasitomala onse pamodzi. Tengani kope kapena tebulo la Excel, mzere uliwonse ukhale gulu la amene analowa mwezi umodzi. Mu `B` lembani amene analipira koyamba mutachotsa obwezeredwa, mu `C` amene mwa anthu omwewo alipiranso mwezi wachiwiri, mu `D` wachitatu. Atsopano asalowe mu mzere wa anzawo. Kenako gawani `C` ndi `B` kuti muone gawo la amene abwerera mwezi wachiwiri:

```
=C2/B2
```

Yankho lake likamatsika gulu ndi gulu pamene peresenti ya olawa n'kugula ikukwera, ndiye kuti mukudula anthu amene sanasankhe. Chizindikiro china chimabwera msanga, mwezi usanathe: onani ngati olipirawo akugwiritsa ntchito chinthucho m'sabata yachiwiri. Ndipo osowawo muziwagawa pawiri, oletsa okha ndi olephera kulipira, chifukwa oyambawo akukuuzani za katundu wanu, pamene enawo akungofuna kuti muwasinthire tsiku. Muzikumbukiranso nyengo ya malonda anu. Kwa ine ana akamaliza MSCE onse amachoka, ndiye miyezi imeneyo sindiiyerekeza ndi ina; mnzanga wa ku Chikanda adzaona zomwezo yunivesite ikatsekera.

Kwa iye ndi kwa wa magolosale ndawauza kuti atenge njira ya kandalama kochepa. Wa ku Matawale ndamuuza kuti alawitse ulere masiku atatu, poti kasitomala wake amabwera yekha pakhomo ndipo sangasinthe nkhope ngati nambala ya foni. Wina akaumirira kudula kwa khadi, atumize uthenga m'Chichewa tsiku lachisanu la kulawa wonena ndalama yake ndi tsiku lodula, pamodzi ndi njira yoletsera, ndipo uthengawo upite kwa mwini khadi, osati kwa mwana. Peresenti ija itsika, mwina ndithu, ndipo aziwerenga gulu lililonse mpaka mwezi wachitatu asananene kuti njirayo yagwira.