Anandikonzera bodza lomwe ndinaliika dala, nyenyezi zitatu basi

Ndinalipira kampani yokonza mabuku kuti a edita awo andichitire kukonza kwa mozama kuja, osati kuja kongoyang'ana masipelo ndi makoma, ndiye ndalama zake mukuzidziwa kale si zamasewera. Buku langa loyamba, mapeji 212, anati masabata atatu ndipo fayilo inabweradi pa tsiku lake, pamenepo sindinganame. Zomwe ndinapeza nditaitsegula ndi zimene zandilembetsa izi.

Nkhani yangayo amaifotokoza ndi mwamuna wa zaka za m'ma 40, zonse akunena yekha, ine ndinapita, ine ndinaona, ine ndinamva. Mayi ake ali m'chipatala kwa miyezi, ndipo kuyambira peji 4 iye akutiuza kuti amapita kukawaona sabata iliyonse osaphonya, mchemwali wake ndiye wosasamala, amangoimba foni ali kutali. Ndinamulemba kuti azimveka munthu wabwinobwino, wofatsa, woseketsa pang'ono, woti mukhoza kukhala naye pa benchi maola awiri osatopa naye. Ndiye pa peji 58 akulowa mu wodi, nesi yemwe wakhala pamenepo kuyambira tsiku lomwe mayiwo anagonekedwa akumuimitsa pakhomo nkumufunsa kuti, pepani bambo, inu ndi ndani wawo odwalawa? Iye akuyankha, kenako akutiuza ife owerenga kuti manesi a masiku ano mitu yawo imakhala pa foni, saona nkhope za anthu. Nkupitiriza nkhani ngati palibe chachitika.

Funso la nesilo ndinalilemba mwina kakhumi kuti likhale lalifupi, losakuwa. Buku lonse laimirira pamenepo.

A edita aja analifufuta. Mu `Track Changes`, momwe mumaoneka zonse zomwe munthu wasintha m'fayilo, mzere wofiira wadutsa pa funso lonselo, m'malo mwake alemba kuti nesi anamumwetulira nkumupatsa moni pomutchula dzina. Pambali aika kandemanga koti apa pakutsutsana ndi peji 4, munthu wobwera sabata iliyonse nesi sangamufunse kuti ndi ndani, takonza kuti zigwirizane. Takonza! Ndinadzuka pampando kuzungulira chipinda kawiri ndisanapitirize. Ndipo sanalekere pomwepo, pa peji 90 mwamunayo akunena kuti mayi ake amakonda kugona moyang'ana windo pamene bedi lawo analisuntha kalekale kuchoka ku windoko, mchemwali wake anazinena pa foni machaputala awiri m'mbuyomo, apanso akonza, abweza bedi ku windo. Pa peji 117 pomwe iye akusokoneza dzina la dokotala, alemba dzina lolondola. Malo onse omwe ndinasiya kuti owerenga aone okha kuti munthuyu sapita kuchipatala monga akunenera, awasalaza bwinobwino, moti munthu wotuluka m'fayilo yawoyo ndi mwana wabwino wosamala mayi ake amene ali ndi mchemwali woipa. Buku limenelo ine sindinalembe ndipo sindingaliwerenge.

Ndinatumiza imelo usiku womwewo, mawu ake sindibwereza pano. Amene anayankha si a edita koma munthu wa ku ofesi yolandira madandaulo, ndipo yankho lake linali loti makasitomala ambiri amavutika kulandira kudzudzulidwa pa buku lawo loyamba. Eti ine ndavutika kulandira kudzudzulidwa. Munthu ameneyu ndi amene wachotsa nyenyezi imodzi yathunthu payekha, chifukwa sanatsegule nkomwe fayiloyo, ndikudziwa chifukwa anatchula buku langa kuti ndakatulo.

Kwa amene mwina mukuganiza kuti ndikungoteteza zolakwitsa zanga, wofotokoza nkhani wosadalirika si chinthu chomwe ndapeka ine. Amene anatchukitsa dzinali ndi katswiri wa zolembalemba Wayne Booth mu 1961, ndipo mfundo yake inali yoti mlembi ndi wowerenga amamvana mseri, kumbuyo kwa amene akufotokozayo. Wofotokoza akunena zake, koma mlembi waika zinthu m'nkhanimo zomwe zikumutsutsa, ndiye wowerenga akaziona amayamba kuwerenga nkhani ziwiri nthawi imodzi, yomwe akuuzidwa ndi yomwe ikuchitikadi. Kuti zitheke pamafunika chinthu chomwe wofotokozayo sangachipinde, mawu a munthu wina, tsiku lolembedwa pa kalata, bedi lomwe lasunthidwa. Nesi wanga anali chimenecho. Alibe chifukwa chonamira, sakumudziwa mwamunayo, sakudana naye, akungogwira ntchito yake, nchifukwa chake wowerenga amakhulupirira nesi wa mizere iwiri kusiyana ndi munthu amene wakhala naye mapeji 57.

Ndipo chomwe anthu ambiri samvetsa, kuphatikizapo mnzanga wina yemwe anawerenga nkundiuza kuti ndiye kuti tizimuda munthuyu eti, nchakuti kusiya kumukhulupirira munthu ndi kusiya kumumvera chisoni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa peji 58 chikhulupiriro chimatsika inde, koma chisoni chimakwera, chifukwa umayamba kudzifunsa kuti nanga akunamiranji, ndipo yankho lake ndi loti sakutha kupirira kuona mayi ake ali choncho, amafika pa geti ya chipatala nkubwerera, ndiye bodzalo akudzinamiza yekha kaye ife tikungomvera nawo. Munthu wotere sumuda, umamuonera chisoni kuposa mwana wabwino uja a edita anandipangira, yemwe safuna chilichonse kwa iwe. Katswiri wina, James Phelan, analemba za zimenezi, kuti pali kusadalirika komwe kumakuyandikitsa kwa wofotokozayo ndi kwina komwe kumakutalikitsa naye. Kusiyana kwake ine ndimakuona pa funso loti bodzalo likupweteka ndani. Akamanama kuti abise manyazi ake timakhala naye. Akamanama kuti wina aoneke woipa, timayamba kusuntha.

Apa ndi pomwe ndiyenera kutsitsa mawu pang'ono, ngakhale sizikundisangalatsa.

Patatha masiku anayi a edita eniakewo anandilembera okha, mwaulemu, ndipo anavomera kuti za nesi anaphonya, anati anawerenga machaputala oyambirira ngati nkhani wamba. Koma anandionetsa chifukwa chake. Pa peji 12 ndinalemba kuti mchemwaliyo ndi wamkulu kwa iye ndi zaka zitatu, pa peji 31 ndi wamng'ono. Pa peji 20 galimoto ndi yoyera, pa peji 44 yasanduka yobiriwira. Zimenezo sanali mabodza a mwamunayo, kunali kuiwala kwanga ine, ndinalemba machaputala amenewo motalikirana miyezi. Ndiye anati, mayi, munthu akapeza zolakwika ziwiri zenizeni asanafike peji 58, chachitatucho aziona bwanji kuti ndi chadala? Ndinakhala chete kaye. Zoona zake nzakuti wowerenga amalola kuti wofotokoza amunamize pokhapokha ngati akukhulupirira kuti mlembi sakusokoneza, akangokayikira mlembiyo ndiye kuti chilichonse chosagwirizana amachitenga ngati kusasamala. Ndinayesa njira yomwe anandiuza, kutenga malo alionse otsutsana nkufunsa kuti kodi mwamunayu akupindulapo chiyani ponena zimenezi. Za nesi akupindula, za bedi akupindula, mtundu wa galimoto sapindulapo kanthu. Zomwe sapindulapo zonse zinali zanga, ndinapeza zisanu ndi ziwiri.

China chomwe ananena chinandiwawa kwambiri chifukwa ndinkachinyadira. Chaputala chomaliza mwamunayo amaulula kuti anagulitsa nyumba ya mayi ake miyezi isanu m'mbuyomo, mchemwali wake osadziwa. Ine ndinkaona ngati ndi bomba labwino. Iwo anati ayi, apa mwabera owerenga, chifukwa m'mapeji 200 mulibe kanthu kalikonse kolozera kumeneko, palibe kalata, palibe kiyi yosowa, palibe pomwe iye akuzemba nkhani ya nyumba wina akaiyambitsa. Munthu amene tili m'mutu mwake sangakhale miyezi isanu osaganizako za chinthu chachikulu choncho, ndiye amene wabisa si iye koma mlembi. Bodza labwino la wofotokoza ndi lomwe ukabwerera m'mbuyo umapeza kuti zizindikiro zinalipo iwe sunazione, umadzimenya pachipumi. Ili ukabwerera supeza kanthu, umangokwiya. Anawonjezanso kuti kugulitsa nyumbako kukusintha mtundu wa bodza lake mwadzidzidzi, kuchoka pa munthu wobisa manyazi kufika pa munthu yemwe wakhala akuipitsa mchemwali wake kuti tisamufunse za ndalama, ndipo chisoni chonse chomwe ndinamanga kuyambira kwa nesi chikugwa pa peji imodzi popanda nthawi yoti wowerenga asankhe yekha ngati akhalabe naye. Pamenepa sindinagwirizane nawo kwathunthu, ine ndikufuna wowerenga achite manyazi pang'ono kuti anamukonda munthuyu, ndi cholinga changa chimenecho. Koma zoti zizindikiro kunalibe, analondola, ndipo palibe mwa anzanga atatu omwe anawerenga amene anandiuza.

Ndiye ndabwerera, ndaika malo atatu. Pa chaputala chachinayi mchemwali akufunsa ngati denga la kunyumba lija analikonza, iye akuyankha za nyengo. Kwinako akulipira bilu ya chipatala yonse kamodzi pamene watiuza kale kuti ntchito sikuyenda, osafotokoza komwe ndalama zachokera. Kachitatu akudutsa njira yaitali popita kuntchito nkunena kuti amakonda mitengo ya mumsewu umenewo. Mnzanga uja nditamupatsanso anaima pa biluyo nkunditumizira mesiji yoti ndalamazi wazitenga kuti ameneyu, ndiye ndinadziwa kuti zagwira.

Ndalama sanabweze ngakhale pang'ono, ndinapempha theka poti theka la zosintha zawo ndinachita kuzikana chimodzichimodzi, ntchito ya masiku awiri yomwe sindinayenere kuigwira, wa madandaulo uja anangotumiza ndime ya malamulo awo. Fomu yawo yotumizira buku imafunsa mtundu wa nkhani ndi chiwerengero cha mawu basi, palibe pomwe imafunsa ngati wofotokoza nkhani ndi wodalirika kapena ayi, ndipo a edita sakulankhula nawe asanayambe. Ngati buku lanu lili ngati langa lembani zimenezo pamwamba pa peji yoyamba ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo musadine `Accept All` musanaone chimodzichimodzi, ine ndikanadina bwenzi nesi wanga akumwetulira mpaka lero. A edita ndingawapatsenso buku lachiwiri ngati angandilole kulankhula nawo mwachindunji osadzera ku ofesi ija. Nesi ndamubwezera pa peji 58, funso lake lili momwe linalili.