Mabatani owonjekera, mikono yomatana, kolala yopotoka: njira iti ikugwiradi?

Ndimafuna kumuveka mchimwene wanga jekete ya mabatani awiri pa chithunzi chomwe anavala tisheti, ndikugwiritsa ntchito SDXL, modelo ya AI yopanga zithunzi, pa Inpaint ya pulogalamu ya AUTOMATIC1111, pomwe umapaka masiki pamalo omwe ukufuna asinthe. Koma zomwe zinatuluka abale, mabatani asanu, mkono wakumanzere wamatana ndi thupi, kolala ngati yachokera mu belo la kaunjika. Ndiye ndinayesa njira zitatu, Seed, nambala yomwe chithunzi chimayambira, osaisintha kuti ndione kusiyana kwenikweni.

Yoyamba ndi ija yongokopera chimndandanda chachitali mu Negative prompt, momwe umalemba zomwe sukuzifuna pa chithunzi, zija za `deformed, ugly, bad anatomy` mpaka mizere isanu. Osadzivutitsa. Mawu ako a kolala amangomira mu gulumo, mabatani anatuluka asanu omwewo.

Yachiwiri ndi kulemba vuto lenilenilo, mwachidule:

```
extra buttons, merged sleeves, twisted collar
```

Apa pali kamsampha. Modelo simamva bwino mawu oti `extra`, imangogwira `buttons` n'kuyamba kuthawa mabatani onse, moti nditakweza kuti `(extra buttons:1.4)` jekete inatuluka yopanda batani ngakhale limodzi, kolala nayonso inayamba kufufutika. Chomwe chinandithandiza ndi kutchula chovala chomwe modelo imachidziwa kale. Mabatani ambiriwo amabwera chifukwa imakokera ku jekete ya mizere iwiri ya mabatani ija, ndiye ku negetivu ndinaika `double-breasted, waistcoat` basi, kumtunda ku Prompt n'kulemba `single-breasted blazer, two buttons, notch lapel`. Pa zithunzi zinayi za Seed zosiyana, zitatu zinabwera ndi mabatani awiri. Kuwerenga mabatani modeloyi siitha, ndiye chachinayicho musadabwe nacho.

Komanso muziona CFG Scale, yomwe imayeza momwe modelo itsatirire mawu anu. Ikakhala pa 1 negetivu sigwira ntchito olo pang'ono, n'chifukwa chake a Flux ndi mamodelo a Turbo mumangolemba koma palibe chosintha. Ine ndinali pa 6.

Mkono uja negetivu inaulephera njira zonse ziwiri, chifukwa vuto silinali mawu. Pa chithunzipo dzanja lagundana ndi nthiti, ndipo ndinapaka masiki malo onsewo, Denoising strength, mphamvu yosinthira malo opakawo, ili pa 1, ndiye modelo inalibenso chodziwira pomwe mkono ukuthera. Njira yachitatu ndiyo inakonza: kutsitsa Denoising strength kufika 0.75 n'kuyatsa ControlNet ya Depth kuti igwire malire a dzanja ndi thupi. Kolala ndinaibwerera payokha, kamasiki kakang'ono pakhosi, Only masked, Denoising strength pa 0.4, inawongoka nditangoyesa kachiwiri. Zimadya nthawi inde, makamaka ngati kompyuta yanu ndi yofooka ngati yangayi.

Ndiye kwa ine mabatani ndi a negetivu yaifupi ija, koma mikono ndi kolala pitani ku masiki. Mukaona mkono wamatana pamalo omwewo olo mutasintha Seed katatu, siyani kuwonjezera mawu.